Kusanja katundu wa pa intaneti: magulu, masayizi, sitoko ndi mitengo

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi anthu ogulitsa pa intaneti limabwera m'njira ziwiri. Ena amati, "Kasitomala watumiza kale ndalama pa Airtel Money, koma sayizi yakeyo inatha dzana, ndimuuza chiyani?" Ena amati, "Katundu akuyenda bwinobwino, koma tsiku lokaoda likafika ndalama sizikukwana." Mafunso onsewa amachokera pa vuto limodzi. Katalogi inasanjidwa potengera zithunzi zimene zili m'foni, osati potengera zinthu zimene zili pa shelufu. Ndalemba yankho lonse pano kuti wofunsanso ndizingomulozera.

Kuti tisamayankhule za m'malere, tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene wabwera kuchokera ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kudzera pa Songwe. Wabweretsa mapeyala 48 a nsapato za amayi za fulati, mapisi 20 a zitenje ndi madiresi 16. Amagulitsa pa WhatsApp Business ndipo akufuna kutsegulanso webusayiti ya WooCommerce, pulogalamu yoyendetsera shopu ya pa intaneti. Ziwerengero zake zonse ndi zachitsanzo chabe, inu muikepo zanu.

1. Yambirani pa tebulo, webusayiti ibwere pambuyo

Musanajambule chithunzi chilichonse, tsegulani Excel kapena Google Sheets. Ngakhale kope la sukulu lojambula mizere likhoza kugwira ntchito ngati katundu ndi wochepa. Lamulo la tebuloli ndi limodzi, ndipo zonse zimene zikutsatira zatsamira pa lamuloli: mzere umodzi uimire chinthu chimodzi chimene mungachitenge pa shelufu n'kuchiwerenga pachokha.

"Nsapato ya fulati ya lamba" si mzere, chifukwa munthu akati mumpatse nsapato ya fulati ya lamba mudzamufunsa kuti yakuda kapena yabulawuni, nanga sayizi yanji. "Fulati ya lamba, yakuda, sayizi 38" ndiwo mzere, chifukwa palibenso funso lotsala. Mungapite kuchipinda n'kubwera ndi yankho lakuti zilipo zisanu ndi zitatu.

Makolamu ofunika ndi awa: khodi, dzina, gulu, mtundu, sayizi, mtengo wofikira, mtengo wogulitsira, ndi zimene zilipo. Khodi ndi dzina lalifupi la chinthucho, ndipo mtengo wofikira ndi ndalama zonse zimene chadya mpaka kufika pa shelufu. Zina zonse mudzawonjezera mukazifuna.

2. Siyanitsani kholo ndi ana ake

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, ndiye tikhalapo kanthawi.

Mapulogalamu ogulitsira amagawa katundu pawiri. Pali chimene kasitomala amaona pa tsamba, chokhala ndi dzina limodzi ndi mafotokozedwe amodzi. WooCommerce imachitcha `Variable product`, ine ndizichitcha kholo. Ndiye pali zimene kasitomala amasankha akalowa pa tsambalo, zimene pa sikirini zimalembedwa kuti `Variations`. Izi ndizizitcha ana. Kholo siligulitsidwa ndipo siliwerengedwa. Amene amagulitsidwa, amene ali ndi nambala ya sitoko, ndi ana. Mizere ya tebulo lanu lija ndi anawo.

Chovuta n'kudziwa kuti zinthu ziwiri zofananako ndi ana a kholo limodzi kapena makolo awiri osiyana. Dzifunseni mafunso awiri. Loyamba: kodi mafotokozedwe amodzi angakwanire zonsezi popanda kunama? Lachiwiri: kodi munthu amasankha pakati pa zinthuzi atatsimikiza kale kuti akugula? Mayankho onse akakhala eya, ndi ana a kholo limodzi.

Tiyese pa katundu wa mayi uja. Fulati ya lamba ili m'mitundu iwiri komanso m'masayizi kuyambira 36 mpaka 41. Chikopa chake n'chimodzi, soli ndi imodzi, mafotokozedwe ndi amodzi. Munthu amayamba waikonda nsapatoyo, kenako n'kusankha sayizi. Limeneli ndi kholo limodzi. Koma tinene kuti ulendo wina wabweretsanso fulati ina yopanda lamba, yokhala ndi kamkanda kutsogolo. Ngakhale mtengo ndi wofanana ndipo anaigula pa shopu imodzi, imeneyo ndi kholo lina. Mukaibisa pansi pa fulati ya lamba, munthu amene akanaikonda sadzaiona n'komwe, chifukwa pa mndandanda pamaoneka chithunzi cha kholo chokha.

Tsopano werengani ana. Mitundu iwiri kuchulukitsa ndi masayizi asanu ndi limodzi ndi 12. Koma mayiyu atatsegula katoni wapeza kuti zakuda zilipo 30: sayizi 36 zitatu, 37 zisanu, 38 zisanu ndi zitatu, 39 zisanu ndi ziwiri, 40 zinayi, 41 zitatu. Zabulawuni zilipo 18, ndipo zayambira pa 37 n'kulekezera pa 40. Ndiye kuti ana enieni ndi 10, osati 12. Izi muzisamale nazo, chifukwa mukauza WooCommerce kuti ikupangireni ana kuchokera ku mitundu ndi masayizi onse, imangochulukitsa n'kupanga onse 12. Yabulawuni sayizi 36 ndi 41 zidzaoneka pa tsamba ngakhale simunazigwirepo m'manja. Ngati simudzaziodanso, zifufuteni. Ngati mukuyembekeza kuti zidzabwera ulendo wina, zisiyeni koma sitoko yake ikhale 0.

Kuchulukitsaku n'kumene kumachititsa kuti ndiziuza anthu kuti zosankha zisapose ziwiri pa kholo limodzi. Madiresi a mayiyu ali m'mitundu inayi, masayizi anayi, ena a manja aatali ena aafupi. Mukaphatikiza zonse zitatu mupeza ana 32, pamene madiresi enieniwo ndi 16 okha. Theka la zimene kasitomala angasankhe zidzamuyankha kuti palibe, ndipo munthu akayankhidwa choncho kawiri amatseka tsambalo. Chotsani chimodzi chikhale kholo pachokha: diresi la manja aatali tsamba lake, la manja aafupi tsamba lake. Zithunzi zake n'zosiyana kale. Pulogalamu ina yogulitsira yotchedwa Shopify imalekezera pa zosankha zitatu pa katundu mmodzi, koma shopu yaing'ono siyenera kufika n'komwe pamenepo.

Chitenje chili ndi vuto lakelake, ndipo ndi limene limandipatsa mafunso ambiri. Mayiyu ali ndi pisi ya mamita 6, ndipo amagulitsa mamita awiri, anayi, kapena pisi yonse. Maganizo oyamba amakhala kupanga ana atatu: wa mamita 2, wa 4 ndi wa 6. Musatero. Ana atatuwa akudya m'nsalu imodzi. Ngati muli ndi pisi imodzi ya dizayini imeneyo n'kulemba kuti wa mamita 2 alipo atatu, wa 4 alipo mmodzi, wa 6 alipo mmodzi, tsamba lanu likulonjeza mamita 16 pamene muli ndi 6. Wina akagula mamita awiri, wa 6 uja amayenera kuzimiririka nthawi yomweyo, koma pulogalamu siidziwa zimenezo. Ngakhale mutauza WooCommerce kuti iziwerengera sitoko pa kholo kuti ana onse azigawana nambala imodzi, imachotsa 1 pa kugula kulikonse, kaya munthu watenga mamita awiri kaya asanu ndi limodzi.

Njira yosavuta n'kuwerengera pa chidutswa chaching'ono kwambiri chimene mumadula. Chitenje chimodzi ndi mamita awiri. Pisi ya mamita 6 ndi zitenje zitatu, ndiye mapisi anayi a dizayini imodzi ndi sitoko ya 12. Wofuna mamita anayi agule ziwiri, wofuna pisi yonse agule zitatu, ndipo m'mafotokozedwe mulembe kuti wogula zingapo mumutumizira zosadula. Ngati pali mapisi amene mwatsimikiza kuti simudula, monga a wakisi odula kapena oti anthu avale yunifolomu ya pa chinkhoswe, apatuleni pa shelufu, muwapatse mzere wawo ndi khodi yawo. Tsiku limene mwasintha maganizo n'kudula imodzi, chotsani 1 pa mzere wa mapisi n'kuwonjezera 3 pa mzere wa zidutswa.

Yezani pisiyo ndi tepi musanalembe. Nsalu zambiri za wakisi zimabwera m'mayadi 6, ndipo mayadi 6 ndi mamita pafupifupi 5.5, osati 6. Mukadula mamita awiri kawiri, chotsalacho ndi mita imodzi ndi theka, ndipo kasitomala wachitatu akapita nacho kwa telala adzabwerera ali ndi mawu. Pisi yotere igaweni patatu mofanana n'kulemba kuti chidutswa ndi mayadi awiri.

Pa zitenje, dizayini iliyonse ndi kholo lake. Ana amakhalapo pokhapokha ngati dizayini yomweyo inasindikizidwa m'mitundu ingapo. Ndipo ngati mumagulitsa za kaunjika, nkhani ya ana siikukhudzani. Chovala chilichonse chotuluka m'belo n'chokhachokha, sitoko yake ndi 1, sayizi muilembe m'dzina, ndipo chikagulidwa chichoke pa tsamba.

3. Chilichonse chikhale ndi khodi yake

Khodi imeneyi pa sikirini imalembedwa kuti `SKU`. Ndi dzina lalifupi limene mwana aliyense ali nalo yekha. Ntchito yake imaoneka tsiku limene inu muli ku tauni, kasitomala walipira, ndipo mwatuma wina wa kunyumba kuti akapereke katunduyo kwa wa njinga yamoto. "Tenga fulati yakuda ija" ndi chiyambi cha kutumiza nsapato yolakwika ku Area 25. Khodi siisiya malo a "ija".

Ipangeni mwa zigawo zitatu: kholo, mtundu, sayizi.

```
NS014          kholo
NS014-KU-38    yakuda, sayizi 38
NS014-BU-39    yabulawuni, sayizi 39
```

Iyambe ndi zilembo, osati nambala. Excel imadya ziro wa kumayambiriro, ndiye `014` imasanduka `14`, ndipo chinthu ngati `3-5` imachisandutsa deti. Musaikemo mipata. Musaikemo mtengo, chifukwa mtengo usintha koma khodi siyenera kusintha. Katundu akatha osabweranso, khodi yake musaipatse katundu wina, chifukwa malonda akale ndi atsopano adzasakanikirana ndipo simudzadziwa chimene chinayenda bwino. Pomaliza, ilembeni ndi cholembera pa katoni kapena pa jumbo imene katunduyo alimo. Khodi yokhala m'kompyuta mokha siithandiza munthu amene ali m'chipinda.

Pa masayizi sankhani kawerengedwe kamodzi. Nsapato za ku Dar es Salaam ndi ku China zambiri zimalembedwa 37, 38, 39, pamene za ku Joni zimalembedwa 4, 5, 6. Mwachisawawa 38 amafanana ndi 5, 39 ndi 6, koma mafakitale amasiyana. Mu khodi ikani nambala imene yalembedwa pansi pa nsapatoyo, ndipo m'mafotokozedwe muike kutalika kwa mkati mwake m'masentimita. Pa madiresi chimodzimodzi: XL wa ku China amachepa kuyerekeza ndi XL amene amayi ambiri kuno anazolowera, ndiye yezani chifuwa ndi chiuno n'kulemba.

4. Magulu akhale ochepa

Gawo ili n'losavuta ngati mumvera mmene makasitomala amafunsira. Palibe amene amati, "Muli ndi za ulendo wa mu Juni?" Amati, "Muli ndi nsapato za amayi?" Ndiye mayi uja akhale ndi magulu atatu: Nsapato, Zitenje, Madiresi. Gulu ligawidwe pokhapokha makolo ake akachuluka moti munthu akutopa kutsika nawo pa foni. Pamenepo Nsapato zikhoza kukhala Fulati, Zazitali ndi Masandasi. Osapitirira masitepe awiri, ndipo gulu lokhala ndi katundu mmodzi kapena awiri libwezeredwe kumene linachokera.

Mtundu ndi sayizi si magulu. Mukapanga gulu la "Zakuda", fulati ya lamba ija muiika kuti, poti ili yakuda komanso yabulawuni? "Zatsopano" ndi "Zotsitsidwa mtengo" nazonso si magulu enieni, chifukwa katundu amangodutsamo. Mu WooCommerce zoterezi ziikeni pa `Tags`, ndipo katunduyo akhalebe m'gulu lake lokhazikika.

5. Sitoko: lembani kayendedwe, osati chotsala

Cholakwika chofala n'kukhala ndi kolamu imodzi ya zimene zilipo n'kumangoisintha pamanja: 8 kufufuta kulemba 7, mawa 6. Tsiku limene tebulo likuti 6 koma pa shelufu pali 4, mulibe poyambira kufufuza. Simudziwa ngati ziwirizo zinagulitsidwa osalembedwa, zinatengedwa pa ngongole ndi mlamu wanu, kapena zinasowa.

Tsegulani tsamba lachiwiri m'tebulo lomwelo, mulitche `Kayendedwe`. Likhale ndi makolamu anayi: deti, khodi, kuchuluka, chifukwa. Katundu akalowa mulembe nambala wamba, akatuluka muike chizindikiro chochotsera kutsogolo. Mapeyala 8 afika: 8. Wagulitsa imodzi: -1. Kasitomala wabweza 38 n'kutenga 39: mizere iwiri, 1 pa khodi ya 38 ndi -1 pa khodi ya 39. Kusinthanaku n'kumene kumaiwalika kwambiri, chifukwa ndalama sizinayende ndipo mapeyala onse pamodzi akadali omwewo, koma masayizi awiri alakwika nthawi imodzi. Kenako pa tsamba loyamba, kolamu ya zimene zilipo izidziwerengera yokha:

```
=SUMIF(Kayendedwe!B:B, A2, Kayendedwe!C:C)
```

Apa `A2` ndi pamene pali khodi ya mzerewo. Kokerani fomulayi pansi mpaka mzere womaliza, ndipo kolamu imeneyi musailembenso pamanja.

Ndiye pali nkhani ya "mundisungire, ndilipira pa 28". Katundu wosungidwa ali pa shelufu koma sali pa malonda. Mukamusiya m'nambala, wina adzamulipira. Mukamuchotsa osalemba chifukwa, adzakhala miyezi iwiri akudikira munthu amene anasiya kuyankha mauthenga. Lembani -1, chifukwa chake "kusungira", ndi tsiku lomaliza kudikira. Tsikulo likadutsa lembani 1 n'kumubwezera pa malonda. Ine ndimaona kuti kusungira munthu wosapereka kangachepe kupitirira masiku awiri n'kudzimana malonda, koma makasitomala anu mumawadziwa ndinu.

Mu WooCommerce muli bokosi la `Hold stock (minutes)`, limene limabwera litalembedwa 60. Ambiri amaganiza kuti limathetsa vutoli, koma limagwira pa maoda okhala pa `Pending payment` okha. Ngati makasitomala anu amaoda pa webusayiti kenako n'kutumiza ndalama pa Mpamba, pa Airtel Money kapena ku banki kudzera pa `Direct bank transfer`, odayo imakhala pa `On hold`. Sitoko imachotsedwa nthawi yomweyo ndipo siibwerera yokha. Muyenera kulowa inuyo n'kuisintha kukhala `Cancelled`. Mukaona webusayiti ikuti sayizi 38 yatha pamene mukuiona ndi maso pa shelufu, yambani mwayang'ana maoda akale okhala pa `On hold`.

Pa mwana aliyense chongani `Manage stock?`, lembani nambala yake, ndipo `Allow backorders?` ikhale pa `Do not allow`. Kulola anthu kulipira katundu amene kulibe kumayenera amene amadziwa tsiku lenileni limene katundu afike. Woodera kunja kudzera pa boda tsikulo salidziwa.

Malire ochenjeza kuti katundu watsala pang'ono, `Low stock threshold`, amabwera ali pa 2 kwa katundu yense. Asintheni potengera mmene mwana aliyense akuyendera. Ngati yakuda sayizi 38 imatuluka peyala imodzi pa sabata, ndipo kuchokera tsiku looda mpaka katundu kufika pamatenga masabata atatu, mufunika mapeyala atatu ongodikirira, kuwonjezapo imodzi yodzitetezera. Malire ake ndi 4. Sayizi 41, imene imatuluka mwa apo ndi apo, malire ake ndi 1. Apa mpamene phindu la kuwerengera pa ana limaonekera. Munthu wongowerenga kholo amaona kuti fulati ya lamba yatsala mapeyala 15 n'kukhala phee, osadziwa kuti ambiri mwa 15 amenewo ndi 36, 40 ndi 41, ndipo 38 ndi 39, amene amabweretsa ndalama, anatha kale.

6. Mtengo uyambire pa zimene katundu wadya mpaka kufika

Mtengo umene munalipira ku Kariakoo si mtengo wa katundu wanu. Mtengo wake ndi umenewo kuphatikiza zonse zimene zinamufikitsa pa shelufu: basi, malo ogona, chakudya, onyamula, msonkho wa MRA pa boda. Umenewu ndi umene ndautcha mtengo wofikira.

Mayi uja anagula nsapato pa K12,000 peyala, zonse K576,000. Mapisi a zitenje pa K18,000, onse K360,000. Madiresi pa K16,500, onse K264,000. Katundu yense ndi K1,200,000. Ulendo ndi msonkho zinadya K300,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse ya katundu pawonjezeka K25. Ndiye peyala ya nsapato yafika pa K15,000, pisi pa K22,500, kapena kuti K7,500 chidutswa, ndipo diresi pa K20,625. Kugawa motsata mtengo chonchi kumakwanira ngati katundu ndi wolemera mofananako. Ngati mwasakaniza mapoto ndi ndolo, ndalama ya mayendedwe igaweni motsata kulemera, apo ayi ndolo zidzalipirira mapoto.

Palinso zimene zimatuluka pa kugulitsa kulikonse: jumbo yokutira, ndalama imene imadulidwa potapa kwa ejenti, bandulo. Tiyerekeze kuti zonsezi ndi K1,000 pa peyala. Nsapatoyo yadya K16,000.

Tsopano mayiyu akufuna phindu la 30 pa 100 iliyonse. Ambiri amatenga K16,000 n'kuwonjezapo 30 peresenti, n'kupeza K20,800. Phindu lake ndi K4,800, ndipo mukaliyerekeza ndi ndalama imene yalowa m'foni, ndi 23 peresenti yokha. Ngati mukufuna kuti pa K100 iliyonse yolowa K30 ikhale yanu, muyenera kugawa osati kuwonjeza:

```
=16000/(1-0.30)
```

Yankho ndi K22,857, ndiye mtengo ukhale K23,000. Njira zonse ziwiri n'zololedwa, bola muzidziwa imene mukugwiritsa ntchito. Kusiyanaku kumaluma potsitsa mtengo. Amene akuganiza kuti ali ndi 30 peresenti akachotsera kasitomala 25 peresenti pa K20,800, wagulitsa pa K15,600, kutsika kuposa zimene nsapatoyo inadya.

Kumbukiraninso kuti si mapeyala onse 48 amene adzagulidwe pa mtengo wathunthu. Tinene kuti asanu ndi limodzi a sayizi 36 ndi 41 atsalira mpaka mwawagulitsa pa K14,000. Pa mtengo wa K23,000, zonse zilowa K1,050,000, kuchotsa K768,000 imene zinadya, phindu K282,000. Pa K20,800 phindu likanakhala K189,600. Masayizi oyenda ndi amene amalipirira otsalira, ndipo mtengo wanu uyenera kukhala ndi malo a zimenezo.

Kodi ana a kholo limodzi akhale ndi mitengo yosiyana? Pokhapokha ngati anadya ndalama zosiyana, monga diresi la sayizi yaikulu limene munaligula modulirapo. Kukweza 38 chifukwa choti ikuyenda kumangobweretsa mikangano pa WhatsApp. Koma mwana aliyense ayenera kukhala ndi mtengo wolembedwa pa `Regular price` yake, ngakhale onse ali ofanana. Mwana wopanda mtengo sagulika mu WooCommerce, ndipo anthu amataya tsiku lonse kufufuza chifukwa chimene sayizi ina sikuoneka. Potsitsa mtengo musafufute `Regular price`. Lembani watsopanowo pa `Sale price`, muikenso tsiku lothera. Ndipo pa zokonza za ndalama, `Number of decimals` ikhale 0, poti palibe amene akugulitsa nsapato ndi matambala.

Chomaliza pa mitengo ndi cha ife ooda kunja. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mu Meyi 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Zoterezi zitachitika nsapato za mayi uja zili pa shelufu, peyala ya K12,000 ikanafuna pafupifupi K17,300 kuti aigulenso. Kuwonjezapo za ulendo ndi K1,000 ija, yafika pa K22,600. Akapitiriza kugulitsa pa K23,000 buku lidzamuuza kuti wapindula K7,000, koma atabwezeretsa peyala pa shelufu adzatsala ndi K400. N'chifukwa chake m'tebulo muyenera kukhala kolamu ina ya mtengo woguliranso lero, ndipo mtengo wogulitsira uziwerengeredwa pa waukulu mwa awiriwo. Ngati munalemba mtengo woodera m'ndalama imene munagulira, kaya mashilingi, marandi kapena madola, n'kuika mtengo wosinthira ndalama m'bokosi limodzi pamwamba pa tebulo, mudzasintha nambala imodzi yokha ndipo mizere yonse idzatsatira. Muikemo mtengo umene inu mumapezera ndalamayo zenizeni.

7. Tsopano kwezani

Mu WooCommerce, pangani kaye `Attributes` ziwiri za shopu yonse, Mtundu ndi Sayizi, m'malo mozilemba mwatsopano pa katundu aliyense. Mukazilemba paliponse, tsiku lina mudzalemba "Yakuda", lina "yakuda", lina "Zakuda", ndipo kasitomala wosefa zakuda adzaona zina zokha. Kenako pangani kholo limodzi ndi ana ake pamanja mpaka zonse zikugwira. Mukatero dinani `Export` pa tsamba la `Products`. Fayilo imene ituluke ikuonetsani mmene pulogalamuyo imafunira makolamu, kuphatikizapo `Type`, `SKU` ndi `Parent`, m'mene mwana aliyense amatchula khodi ya kholo lake. Koperani kasanjidwe kameneko, dzazani katundu wotsalayo kuchokera m'tebulo lanu, n'kudina `Import`. Yambani ndi makolo awiri kapena atatu kuti muone ngati zalowa bwino musanakweze zonse.

Katalogi ya WhatsApp Business ndi yosiyana. Imalola katundu mpaka 500, ili ndi malo a dzina, mtengo, mafotokozedwe ndi `Item code`, ndipo magulu ake amatchedwa `Collections`. Koma pa foni mulibe posankhira sayizi, ndipo siiwerenga sitoko. Musakweze ana 10 a fulati ija ngati zinthu 10, chifukwa kasitomala adzaona chithunzi chimodzimodzi kakhumi. Kwezani kamodzi pa mtundu uliwonse, yakuda payokha yabulawuni payokha, khodi ikhale `NS014-KU`, ndipo masayizi amene alipo muwalembe pa mzere woyamba wa mafotokozedwe. Sayizi ikatha ichotseni pa mzerewo tsiku lomwelo. Mtundu wonse ukatha, ubiseni m'malo moufufuta, kuti ukadzabweranso musayambirenso kulemba.

Mukamagulitsa malo awiri, sankhani amodzi kuti ndiwo osunga nambala yoona. Ngati muli ndi webusayiti, malonda a pa WhatsApp ndi a pakhomo alowetsedwenso m'menemo ngati oda, ndipo tebulo lija litsale la mitengo. Ngati mulibe, tsamba la `Kayendedwe` ndilo mwini nambala. Ndipo kulikonse kumene nambalayo ili, musauze munthu kuti atumize ndalama musanayang'ane khodi yake.

Sabata iliyonse werengani gulu limodzi ndi manja: sabata ino nsapato, yamawa zitenje, inayo madiresi. Werengani pa shelufu kaye, mulembe pa pepala, kenako ndi pamene mutsegule tebulo, chifukwa munthu amene waona kale kuti payenera kukhala 6 amapeza 6. Mukapeza kusiyana musangosintha nambala. Ngati 38 yaperewera imodzi ndipo 39 yapyola imodzi, kumeneko ndi kusinthana kumene sikunalembedwe. Ngati yaperewera popanda inzake yopyola, yang'anani mauthenga a ndalama a sabata imeneyo ndi mndandanda wa osungiridwa. Mukaipeza, lembani mzere wake ndi deti lenileni. Mukapanda kuipeza, lembani -1, chifukwa chake "yasowa", ndipo K15,000 yake muichotse pa phindu la mwezi umenewo.